PHUNZIRO LA SUKULU YA PAMUNDA: “MBALAME NDI APUSI AKUDYA, NDIYE KUTI N’CHABWINO?”

Malo: pansi pa mtengo wa indiya womwe uli pafupi ndi munda wa sukulu, kuno ku Lobi.
Nthawi: maola awiri.
Zobweretsa: nthambi ya indiya yokhala ndi zipatso, tsabola wakupsa wa kambuzi, dzaye limodzi lakupsa ndi lina laliwisi, mapichesi awiri, mwala woswera ndi kope la gulu.

Cholinga cha lero ndi chimodzi. Tikufuna kuona ngati ali oona mawu amene ambirife tinakula nawo, akuti chipatso chimene mbalame ndi apusi akudya munthunso angathe kudya. Wotsogolera ayambe wafunsa gulu: ndani akuvomereza mawuwa? Awerenge manja ndi kulemba m’kope. Kenaka mmodzi wodziwa kufotokoza nthano awerenge gawo lotsatirali mokweza, enanu muziyankha monga timachitira pamoto.

NTHANO YA AGOGO

Nthanoyi ndinaimva kwa agogo anga aakazi tsiku lomwe ndinabwera kuchokera koweta mbuzi nditadzaza thumba la kabudula ndi tizipatso tachikasu. Anandigwira dzanja ndisanaponye n’kamodzi komwe m’kamwa.

“Watenga kuti zimenezi, iwe?”

“Mumtengo wa kuseri kwa khola, agogo. Apumbwa akudya, ndiye kuti n’zabwino.”

Sanandikalipire. Anangondilanda zonse, nati ndidikire madzulo. Titatha kudya nsima anayamba.

Padangotero.

Tili tonse.

Kudali njala, ndipo padali mnyamata wina wamasiye amene adalibe womuuza za mitengo. Tsiku lina adalowa m’phiri kukafuna chakudya. Adapeza Pumbwa ali mumtengo wa tizipatso tachikasu, akumeza kamodzikamodzi. Adamufunsa kuti, “A Pumbwa, kodi zimenezi mumadya?” Pumbwa adati, “Ndimadya, makolo anganso ankadya.” Mnyamata adathyola nadzaza chikhatho, nkudya, ngakhale zinkawawa.

Atapita patsogolo adapeza Pusi atakhala pamwala, akuswa dzaye. “A Pusi, kodi zimenezi mumadya?” Pusi adati, “Ndimadya, makolo anganso ankadya.” Mnyamata adakwera mumtengo wa maye, nathyola lobiriwira lomwe lidali pafupi, naswa, natafuna zonse ndi nthangala zomwe, poti njala siisankha.

Dzuwa lisanalowe adayamba kusanza. Miyendo idafooka, nagwa pambali pa njira. Adamutola ndi gogo wina wochokera kotola nkhuni. Atatsitsimuka patapita masiku, mnyamatayo adati, “Agogo, ndikufuna mlandu. Pumbwa ndi Pusi adandinamiza.”

Gogo uja adawaitana onse awiri pabwalo. Pumbwa adati, “Ine sindidaname. Adandifunsa ngati ndimadya, ndipo ndimadyadi. Koma mwana ameneyu ali ndi mlomo ngati wanga? Ine mano ndilibe. Ndimameza chathunthu, ndipo ndisanatope n’kuuluka chimakhala chatuluka kale. Mimba yanga ndi yanga.”

Pusi adati, “Inenso sindidaname. Koma akadayang’anitsitsa akadaona kuti ndidasiya maye onse obiriwira, ndidatola lachikasu lonunkhira. Ndidayamwa zotsekemera zokha. Nthangala ndidalavula, zikadali pamwala paja mpaka lero.”

Pamenepo gogo adafunsa kuti, “Nanga a Pusi, mng’ono wanu uja ankakonda kutsogola ali kuti?” Pusi adazyolika. Adati, “Chaka chatha adadya chipatso cha mtengo wachilendo. Adakagona kuphanga, sadadzukenso.” Gogo adatembenukira kwa mnyamata nati, “Wamva? Iwe udaona a Pusi amoyo ali pamwala. Akuphanga sudawaone.”

Mlandu udathera pomwepo, popanda wolipa. Kaphuleni mbatata.

Yapserera.

Agogo atamaliza anandiuza kuti mawa lake ndikasese pansi pa mtengo uja, chifukwa ankada nkhawa ndi nkhumba zawo kuposa ndi ine. Ndinakhumudwa nazo pa nthawiyo. Kutsogoloku muona kuti ankadziwa zomwe ankanena.

TIYESE MAWU A PUMBWA: THUPI N’LOSIYANA

Wotsogolera akweze tsabola wa kambuzi ndi kufunsa: ndani anaonapo tsabola atamera yekha pansi pa mtengo kapena m’mbali mwa mpanda, pomwe palibe anadzala? Anafesa ndi mbalame. Mbalame imadya tsabola wakupsa ngati ikudya mpoza. Sikuti ndi yolimba mtima ayi. Chinthu chomwe chimatiwotcha ife m’kamwa sichigwira mitsempha ya m’kamwa mwa mbalame, choncho siimva kalikonse. Tsabola sapha munthu, koma akutionetsa poyera kuti chipatso chimodzi chomwecho chimachita zosiyana m’matupi awiri.

Mtengo ulinso ndi chifukwa chake. Umafuna kuti mbewu zake zipite kutali. Mbalame imameza chipatso osaphwanya nthangala, n’kukazitaya kwina pamodzi ndi manyowa. Mwa mbalame zing’onozing’ono zodya zipatso, chakudya chimadutsa m’mimba mwachangu, kawirikawiri ola lisanathe. Mwa munthu chimatha tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo asanameze amayamba watafuna. Choncho kwa mtengo mbalame ndi bwenzi, pomwe nyama yotafuna nthangala ndi mdani. Mitundu ina ya mitengo ili ndi poizoni amene amavulaza wotafunayo n’kumusiya womezayo.

Zimachitikanso mobwerera. Mapeyala amene ife timadyera buledi ndi mbatata amapha mitundu ina ya mbalame, ndipo masamba ake amadwalitsa akalulu oweta ndi mbuzi zoyamwitsa. Inu amene mumasadza mapeyala, nthambi zake musaponye m’khola.

Wina anena kuti, chabwino, mbalame ndi yosiyana nafe, koma pusi ali ngati munthu. Ali ndi manja, amayamwitsa, amasenda nthochi. N’zoona kuti thupi la pusi lili pafupi ndi lathu kuposa la mbalame, ndipo zipatso zambiri zomwe amakonda, monga masuku, maula ndi nthudza, ifenso timadya. Apa ndi pomwe pagona msampha. Mawu akale aja amalondola kambirimbiri, mpaka munthu amasiya kukayika. Koma nyama za mtundu wa apusi zili ndi njira zake zomwe ife tilibe. Pachilumba cha Madagasika pali kanyama ka mtundu umenewu komwe kamadya mphukira za nsungwi zodzaza ndi poizoni yemwe amapezekanso m’chinangwa chowawa. Akatswiri anayeza napeza kuti patsiku kamadya poizoni wochuluka pafupifupi ka 12 kuposa amene akanapha nyama ina ya msinkhu womwewo, koma iko kali bwinobwino. Munthu wotsanzira kanyamako sangaone mawa.

TIYESE MAWU A PUSI: KADYEDWE N’KOSIYANA

Tsopano swani maye awiri aja ndipo aliyense anunkhize. Lakupsa ndi lachikasu kunja, lonunkhira, m’kati mwake mofewa. Laliwisi ndi lobiriwira, m’kati motuwa ndi molimba. Tonse tikudziwa kuti dzaye lakupsa ndi chakudya. Koma laliwisi limasanzitsa ndi kutsekula m’mimba, ndipo nthangala zake si zotafuna. N’chifukwa chake akuluakulu amati yamwa, lavula.

Pusi ndi nyani ali ndi timatumba m’masaya. Amalongamo chakudya mwachangu, n’kuthawira pamalo abwino, kenaka amachibweza m’kamwa pang’onopang’ono, kuyamwa zofewa ndi kutaya nthangala zikuluzikulu. Mwana amene wawaona ali patali amangoona kuti “akudya”. Saona kuti asankha lakupsa pakati pa aawisi khumi, saonanso zomwe zalavulidwa.

Chitsanzo chapafupi kwambiri kwa ife a kuno kumapiri a Dedza ndi pichesi. Idyani limodzi, kenaka swani khokho lake ndi mwala. M’kati muli kanthangala kooneka ngati mtedza. Musadye, ingonunkhizani. Kanthangala kameneka kakatafunidwa kamatulutsa poizoni yemwe uja wa m’chinangwa chowawa. Kamodzi sikangamuchite kanthu munthu wamkulu, koma mwana wamng’ono amene wakhala pansi pa mtengo n’kumaswa makokho ambiri ali pangozi. Chipatso n’chimodzi, mbali ina chakudya, mbali ina poizoni. Ndiye funso lakuti “kodi chimadyedwa?” silikwana. Pamafunika kufunsa kuti mbali iti, chitapsa motani, ndiponso chochuluka bwanji.

MTENGO WA INDIYA

Tiyeni tikhalitse pa mtengo womwe takhala pansi pakewu, chifukwa ndi umene unali kuseri kwa khola la agogo, ndipo uli m’midzi yambiri kuno. Ena amautcha indiya, ena ndiya, alangizi a zankhalango amati meliya. Si wa makolo athu, kwawo ndi ku Asiya. Anthu amaukonda chifukwa umakula msanga, umapereka mthunzi, nkhuni ndi milimo, ndipo ukaudula umaphukanso.

Ambiri amausokoneza ndi nimu, mpaka ena amangoutcha nimu. Nimu weniweni amakonda malo otentha monga kuchigwa cha Shire ndi m’mbali mwa nyanja. Kuno kozizira sachita bwino kwenikweni. Choncho mukamva wina kuno akuti “ndili ndi nimu pakhomo”, pitani mukaone. Tsamba la nimu lili ndi mtsitsi umodzi wokhala ndi timasamba uku ndi uku, ngati nthenga. La indiya limagawikana kawiri: pamtsitsi waukulu pamatuluka timitsitsi tina, ndipo timasamba timakhala pa timeneto. Maluwa a nimu ndi oyera, a indiya ndi ofiirira motuwa, onunkhira, ndipo amatuluka cha mu Seputembala ndi Okutobala. Chipatso cha nimu n’chotalikirapo, cha indiya n’chobulungira ngati mabo, chachikasu chikapsa, kenaka chimakwinyika koma osagwa msanga. Chimalendewera m’magulumagulu ngakhale mtengo utayoyola masamba onse m’chilimwe. Mukachisenda mupeza khokho lolimba la mizeremizere.

Kusiyanitsaku si nkhani ya mayina chabe. Pali anthu amene amawiritsa masamba a “nimu” n’kumwa ngati mankhwala. Ngati mtengowo ndi indiya, akumwa chinthu china.

Mbalame zimadya zipatso za indiya ndithu, ndipo ndi zomwe zimaufesa m’malunje ndi m’mbali mwa mitsinje. Mileme nayonso imadya. Komabe kwa munthu ndi poizoni, ndipo zipatso zakupsa zachikasuzo, zomwe zimakopa ana, ndizo zoopsa kwambiri. Mabuku a zachipatala amanena kuti zipatso 6 mpaka 8 zingathe kupha mwana. Mphamvu yake imasiyana mtengo ndi mtengo. Wina adzakuuzani kuti anadyapo ali mwana ndipo sanamve kanthu, ndipo mwina sakunama. Koma palibe njira yodziwira ndi maso kuti mtengo wa pakhomo panu ndi wofatsa kapena waukali.

Ngakhale mbalame zomwezo sizipulumuka zonse. Zikadya zambiri zina zimaledzera, n’kumalephera kuuluka bwino. Ikagwa pansi, mphaka kapena galu amaitola inu musanadzuke. Awa ndi “a kuphanga” amene gogo uja ankanena: chomwe timaona mumtengo ndi zamoyo zokhazokha.

Pa ziweto, nkhumba ndi zomwe zimavutika kwambiri, chifukwa zimatola zakugwa n’kutafuna ndi khokho lomwe. Zizindikiro zimayamba patangopita maola ochepa: kutuluka dovu, kusanza, kudzandira, kunjenjemera, kupuma movutika, ndipo ina imafa tsiku lomwelo. Kusiyana kwake ndi chigodola cha nkhumba n’kwakuti poizoni amagwira mwadzidzidzi zokhazo zomwe zinapita pansi pa mtengo, ndipo mungapeze makokho m’masanzi kapena m’ndowe, pomwe chigodola chimayenda m’khola ndi m’mudzi kwa masiku. Musagamule nokha. Itanani mlangizi wa ziweto, ndipo nyama ya nkhumba yofa yokha musadye kapena kugulitsa.

Taganizirani banja ili. Mtengo wa indiya uli mapazi khumi kuchokera pakhola, ndipo masana ana amasewera pamthunzi wake. Achite chiyani? Sikuti audule lero. Adule nthambi zomwe zalendewera pamwamba pa khola ndi zapansi zomwe mwana angafikire. Asese zakugwa kawirikawiri n’kuzikwirira m’dzenje lakuya lomwe nkhumba sizingafukule. Akamasulira nkhumba pambuyo pokolola, zisafike pamenepo. Ngati amasinja zipatso kapena masamba ake kuti apopere mbewu, mtondo, ndowa ndi sefa zikhale zapadera, zosabwereranso kukhitchini, ndipo madzi onyikawo asasungidwe m’botolo la zakumwa. Pobzala mitengo ina, indiya apite kumalire a munda, osati pabwalo.

Tchire la lantana, lija la timaluwa tosakaniza mitundu ndi timinga m’tsinde, nalonso limafesedwa ndi mbalame. Zipatso zake zaziwisi zobiriwira zimadwalitsa ana, ndipo masamba ake amaononga chiwindi cha ng’ombe mpaka khungu loyera limasupuka padzuwa. Msatsimanga wa m’mipanda ndi woopsa mwa njira ina: nthangala zake zimakoma ngati mtedza, kotero lilime silichenjeza mwana. Musakhulupirire kuti chakupha chilichonse chimawawa.

Mawu omwewa a mbalame amabweranso m’dimba. Munthu wapopera tomato dzulo, lero waona mbalame yajompha, ndiye akuti mankhwala atha mphamvu. Ayi. Masiku odikira musanathyole alembedwa pabotolo, ndipo ndi amenewo oyenera kuwerenga.

MWANA AKADYA CHIPATSO CHOKAYIKITSA

Mwa munthu, indiya amayamba ndi nseru, kusanza, kupweteka m’mimba ndi kutsekula. Zikakula pamabwera kufooka, kusokonezeka mutu, kupuma movutika ndi kukomoka. Nthawi zina pamapita maola angapo mwana akusewera bwinobwino, ndipo apa ndi pomwe makolo ambiri amalakwitsa, amati tione kaye kukacha.

Chotsani zotsala m’kamwa ndipo achukuche ndi madzi. Mufunseni mofatsa, osamuopseza ndi chikwapu, chifukwa mwana wamantha amachepetsa nambala. Wadya zingati? Nthawi yanji? Anali ndi ndani? Anzakewo afufuzidwenso, poti ana sadya okha. Thyolani nthambi yokhala ndi masamba ndi zipatso, ndipo nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala cha Lobi kapena china chomwe chili pafupi nanu. Akaona kuti zakula, iwo ndi amene angakutumizeni kuchipatala chachikulu ku Dedza.

Musamusanzitse pomulowetsa chala kukhosi, musamumwetse madzi amchere, mafuta ophikira kapena mazira aawisi. Masanzi angathe kulowa m’mapapo, makamaka mwana akayamba kuodzera. Ngati ali maso ndipo akusanza kapena kutsekula, mumwetseni Thanzi pang’onopang’ono muli m’njira. Ngati akuodzera kapena wakomoka, musamupatse kanthu kalikonse pakamwa. Mugonekeni chammbali kuti masanzi azitulukira kunja.

Za makala tinenepo pang’ono, chifukwa funsoli limabwera nthawi zonse. Pachilumba cha Zanziba, ku Tanzania, kuli anyani ofiira amene amadya masamba a mango ndi a mitengo ina yachilendo, kenaka amapita kukaba makala kwa owotcha n’kumatafuna, ndipo akatswiri anapeza kuti makalawo amagwira zina mwa zinthu zoipa za m’masambamo. Kuchipatala nakonso kuli makala a mankhwala. Koma amenewo amakonzedwa mwapadera ndipo amaperekedwa ndi muyezo. Makala a pambaula sangafanane nawo, ndipo nthawi yomwe mukusinja makala ndi yomwe mukanakhala mutafika pamsewu. Onaninso kuti munthu woona anyaniwo akudya masamba sangadziwe kuti pambuyo pake amakafuna makala.

NANGA TIDZIWA BWANJI CHODYEDWA?

Umboni wokhawo wodalirika ndi wa anthu: chipatso chomwe anthu a dera lino akhala akudya kwa mibadwo, chodziwika dzina, nyengo yake ndi kadyedwe kake. Mnyamata wa m’nthano uja vuto lake silinali njala yokha, analibe womuuza za mitengo. Amene munaona njala ya 2002 mukukumbuka kuti anthu anafika podya mizu ndi zinthu zomwe sankazidziwa bwino, ndipo ena anadwala nazo. Nthawi yophunzira mitengo ndi ino, nkhokwe zili ndi chimanga.

Nzeru ya akuluakulu nayonso ili ndi malire ake. Imagwira bwino pa mitengo ya makolo, monga masuku, maye, matowo ndi mpoza. Pa mitengo yobwera, monga indiya ndi lantana, kapena pa chipatso cha dera lina chomwe chikungofanana ndi cha kwathu, ngakhale gogo angathe kuphonya. Pamenepo tengani nthambi mukaonetse mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango, ndipo mpaka chidziwike, chisalowe m’kamwa. Kulawa pang’ono kuti muone si njira yoyesera.

NTCHITO YA M’MAGULU

Gawikanani anthu asanuasanu, ndipo gulu lililonse likhale ndi wachikulire mmodzi. Kwa mphindi 30 yendani kuzungulira munda wa sukulu, m’mipanda ndi m’mbali mwa mtsinje. Pa mtengo kapena tchire lililonse lobala zipatso, thyolani kanthambi ndipo mulembe dzina lake, nyama zomwe mwaziona zikudya, ngati anthu amadya, mbali yomwe amadya, ndi amene wakuuzani. Yang’ananinso pansi: kodi pali nthangala zolavulidwa, makoko otayidwa, zitosi zokhala ndi mbewu zathunthu? Pa nthawi ya ntchitoyi palibe kulawa chilichonse.

Mukabwerera, yalani nthambi zonse pamphasa m’milu itatu: zomwe nyama ndi anthu amadya, zomwe nyama zokha zimadya, ndi zomwe gulu silikugwirizana. Mulu wachitatuwu musautaye. Mlembi ausunge pakati pa mapepala kuti mlangizi adzauone. Kenaka wotsogolera afunsenso funso la poyamba lija ndi kuwerenga manja kachiwiri.

Sabata yamawa aliyense adzabwere atawerenga mitengo ya indiya yomwe ili pakhomo pake, atayeza ndi mapazi mtunda wake kuchokera pakhola la nkhumba ndi pomwe ana amasewera, ndiponso atafunsa wachikulire mmodzi wa m’mudzi mwake dzina la chipatso chimodzi chomwe anauzidwa ali mwana kuti asadye.